Ziphuphu za mthunzi ndi mithunzi yoyandama: zolemba za sabata ino

Lolemba

Mithunzi yayamba kutuluka m'kainjini kanga ka gemu koma abale, yonyansa bwanji. Pansi ponse padzaza timizere takuda topingasa ngati chikopa cha mbidzi, kamera ikangosuntha pang'ono timizereto timayamba kuvina. Izi ndi zimene anthu a magalafiki amazitcha ziphuphu za mthunzi. Ndilembe kaye momwe zinthu zilili kuti mawa ndisadzadzinamize: OpenGL, dzuwa limodzi, mapu a mthunzi amodzi a 2048 x 2048, ndipo mapuwo akuphimba bwalo lonse la mamita 200 mbali iliyonse. Dera limene mapuwo amajambula ndi bokosi, ndizilitchula bokosi la dzuwa, ndipo kuchoka pa malire ake apafupi kufika pa malire akutali ndi mamita 400.

Njira yakeyi ndi yakalekale, Lance Williams anailemba mu 1978, ndipo maganizo ake ndi osavuta. Umajambula dziko kawiri. Koyamba umaima pamene pali dzuwa n'kusunga mtunda wa chinthu choyamba chimene dzuwa likuona pa kabokosi kalikonse ka mapu (kabokosika ndi kamene ndizikatchula tekiselo). Kachiwiri umajambula kuchokera ku kamera, ndipo pikiselo iliyonse imafunsa kuti kodi ine ndili patali ndi dzuwa kuposa nambala yasungidwa m'mapuyi? Ikakhala patali ndiye kuti pali china chaitchinga, ili mu mthunzi. Basi.

Poyamba ndinaganiza kuti vuto ndi mabiti, kuti mwina manambala a mtunda sakusungidwa bwino. Ndasintha `GL_DEPTH_COMPONENT24` kukhala `GL_DEPTH_COMPONENT32F`, palibe ndi kamzere kamodzi komwe kachoka. Ndikanangowerengetsa kaye sindikanataya ola lonselo. Mamita 400 kuwagawa ndi masitepe 16,777,216 a mabiti 24 umapeza kasitepe ka mamilimita 0.024, ndiye vuto silingakhale pamenepo ayi.

Vuto lili m'lifupi mwa tekiselo. 200 kugawa ndi 2048, tekiselo imodzi ikuphimba masentimita 9.8 a dziko koma imasunga nambala imodzi yokha, ya pakati pake. Dzuwa likakhala pamutu zilibe kanthu chifukwa pansi ponse pa tekiseloyo pali pa mtunda wofanana. Koma dzuwa langa lili madigiri 30 pamwamba pa nthaka, ndiye kwa dzuwalo nthaka ndi chitsetse, mbali imodzi ya tekiselo ili pafupi ina ili patali. Theka lapafupi limati ndawala, theka lakutali limaona kuti lili kuseri kwa nambala yosungidwa ija n'kumati ndili mu mthunzi, chonsecho chimene chalitchinga ndi nthaka yomweyo. Kuwala, mdima, kuwala, mdima, tekiselo iliyonse. Mbidzi ija ndi imeneyo.

Kusiyana kwa mtunda kudutsa tekiselo imodzi ndi uku:

```
kusiyana = tekiselo * tan(theta)
```

`theta` ndi engo ya pakati pa kumene kuli dzuwa ndi nomo, kamuvi kaja kamaima chilili pa nkhope ya chinthu. Kwa ine ndi madigiri 60, tan wake ndi 1.73, ndiye masentimita 17. Dzuwa likatsika kufika madigiri 10 chakumadzulo `theta` imakhala 80, tan ndi 5.67, masentimita 55. Pano ndamvetsa chifukwa chake madzulo a mu gemu ndi amene amanyansa kwambiri.

Lachiwiri

Ndaika bayasi, kanambala kochotsa pa mtunda wa pikiselo usanauyerekeze ndi wa m'mapu. Nambala imene imapezeka m'maphunziro ambiri a oyamba kumene ndi 0.005 ndiye nanenso ndangoiponyamo osaganiza.

```glsl
float lit = (z - 0.005 > texture(shadowMap, uv).r) ? 0.0 : 1.0;
```

Ziphuphu zatheratu, mtima unakhala pansi kwa mphindi ziwiri. Kenako ndinayang'ana kumapazi a kamunthu kanga, mthunzi wake wayambira kutali uko ngati ndi wa munthu wina. Mapolo a magetsi a m'bwalo akuoneka ngati akulendewera m'malere, mabokosi ang'onoang'ono alibiretu mthunzi.

Apa ndi pamene ndinakhala pansi ndi pepala. Kodi 0.005 ameneyu ndi wa chani? Si mamita. Mtunda m'mapu umasungidwa kuyambira 0 kufika 1, ndipo poti dzuwa timalijambula ndi bokosi lowongoka losapanikiza zakutali, 0 mpaka 1 ameneyo watambasuka mofanana pa mamita 400 aja. Ndiye 0.005 kuchulukitsa ndi 400 ndi mamita awiri. Mamita awiri! Ndauza sheda, kapulogalamu kowerengera kuwala kwa pikiselo iliyonse, kuti chilichonse chimene chili pafupi nawe osakwana mamita awiri kulowera ku dzuwa usachiwerenge. Dzuwa lili pa madigiri 30, ndiye mita yonse yapansi ya polo siiponya mthunzi, ndipo mthunziwo ukuyambira mamita 1.73 kuchoka patsinde. Amene analemba 0.005 uja mwina bwalo lake linali kachipinda ka mamita ochepa, kwa iye nambalayo inali masentimita angapo basi.

Ndatsitsa kufika 0.0005, amene kwa ine ndi masentimita 20. Masana zikuoneka bwinoko, ziphuphu palibe, koma mpata wa kumapazi ukadali masentimita 17 ndipo diso likuuona bwinobwino. Madzulo ziphuphu zikubwerera. Ndiye ndili pakati pa moto uwiri, ndikakweza mthunzi ukuyandama, ndikatsitsa ziphuphu. Ndipo palibe nambala yapakati yoti ndiipeze ndikalimbikira, chifukwa bayasi wofunika kuti ziphuphu zithe ndi wamkulu kale kuposa amene diso lingakhululukire. Tekiselo ya masentimita 9.8 ndi yaikulu basi.

Ndayesakonso njira ija yojambula nkhope zakumbuyo zokha m'mapu, `glCullFace(GL_FRONT)`. Pa mabokosi otsekeka imagwira, ziphuphu zimasamukira mbali imene ili kale mu mdima. Koma kuwala kwayamba kudontha pamene khoma lakumana ndi nthaka, kamzere kowala m'munsi mwa chilichonse, ndipo denga lina limene mnzanga wopanga mamodelo analipanga ndi nkhope imodzi yokha lasiyiratu kuponya mthunzi. Ndabwezeretsa momwe zinalili.

Lachitatu

Lero makasikedi. M'malo mwa mapu amodzi ophimba dziko lonse, ndadula zimene kamera ikuona m'zigawo zinayi kutengera kutalika kwake, chigawo chilichonse mapu akeake a 2048. Zapafupi zipeze matekiselo ang'onoang'ono, zakutali zipeze akuluakulu poti kumeneko diso silisiyanitsa. Mithunzi ndaiikira malire pa mamita 120, kupitirira apo kulibe.

Podula ndagwiritsa njira yosakaniza imene Zhang ndi anzake anaifotokoza mu 2006:

```
c_i = lambda * n * pow(f/n, i/N) + (1 - lambda) * (n + (f - n) * i/N)
```

Ndi `n = 0.5` poyambira kamera kuona, `f = 120` pothera mithunzi, `N = 4` chiwerengero cha makasikedi, ndipo `lambda` ndi amene amasakaniza mbali ziwirizo. Ukadula mofanana, kasikedi yoyamba imafika mamita 30, yaikulu kwambiri kwa mapazi a munthu. Ukadula ndi mbali yoyamba ya fomula yokha imathera pa mamita awiri osakwana, mapu athunthu kuwonongera kadera koti nthawi zambiri mulibe kanthu koma mpweya. Pa `lambda = 0.8` malire atuluka 7.6, 18.2, 42.4 ndi 120, ndipo ndakhutira nawo.

Chigawo chilichonse ndachizinga ndi mpira osati bokosi lothina, chifukwa chake ndilemba mawa. Kamera yanga imaona madigiri 60 choimirira pa sikirini ya 16:9, ndiye mipirayo m'mimba mwake ndi mamita 18, 43, 100 ndi 283. Kugawa ndi 2048, matekiselo ndi masentimita 0.88, 2.1, 4.9 ndi 13.8.

Yomalizayo inandidabwitsa, ndi yaikulu kuposa 9.8 ndinali naye Lolemba uja. Mpira umawononga malo ambiri. Koma kasikedi imeneyo imayamba pa mamita 42, pamene pikiselo imodzi ya sikirini ya mizere 1080 ikuphimba kale masentimita 4.5, ndiye tekiselo ndi mapikiselo atatu okha, ikafika pa 120 ndi pafupifupi pikiselo imodzi. Ndazisiya choncho.

Bayasi ndinangomusiya pa 0.0005 ndipo mwadzidzidzi zonse zinaoneka bwino. Mapazi agunda pansi, ziphuphu masana palibe m'makasikedi onse anayi. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti ntchito yatha.

Chinthu chimodzi chimene ndikanayenera kupanga tsiku loyamba: batani la makaka. Ndikadina F3 kasikedi yoyamba imafiira, yachiwiri yobiriwira, yachitatu ya buluu, yachinayi yachikasu. F4 imachotsa matekisicha onse ndi kuwala kwina kulikonse n'kusiya zoyera ndi zakuda za mthunzi zokha. Ndaikanso kotsetsereka kosunthira dzuwa kuyambira madigiri 5 kufika 90. Popanda izi umangoti mwina zasintha mwina ayi, maso amanama.

Lachinayi

Tsiku lalitali.

M'mawa ndaona kuti mthunzi wa nsanja yaitali ya kumapeto kwa bwalo ukuzimirira ndikauyandikira. Patali ulipo, ndikalowa mkati mwake pansi pondizungulira pamawala ngati wina waduladula mthunziwo ndi lumo. F3 yaonetsa kuti malo owalawo ndi ofiira ndi obiriwira ndendende. Zomveka, bokosi la dzuwa la kasikedi yoyamba ndi lalitali mamita 18 okha, nsonga ya nsanja ili kunja kwake chakudzuwa, ndiye sikujambulidwa m'mapu amenewo n'komwe. Chinthu sichifunika kuoneka pa kamera kuti chiponye mthunzi pamene kamera ikuona.

Mankhwala achangu, ndakokera malire apafupi a bokosi lililonse mamita 200 kulowera ku dzuwa. Nsanja yabwerera. Koma mapazi ayambanso kuyandama. Bayasi sindinamukhudze ngakhale pang'ono!

Ndinazungulira nazo mpaka masana ndisanazindikire kuti ndi nkhani ya Lachiwiri yomwe ija yangovala malaya ena. Dzulo kutalika kwa bokosi kunali kofanana ndi m'lifupi mwake, ndiye 0.0005 wa mamita 18 anali mamilimita 9, ndipo 0.0005 wa mamita 283 anali masentimita 14. Onse awiri ndi pafupifupi tekiselo imodzi ya kasikedi yakeyo, chifukwa 0.0005 kuchulukitsa ndi 2048 ndi 1 ndi kakang'ono. Zinagwira mwangozi chabe, ine osadziwa. Lero bokosi loyamba latalika kufika mamita 218, bayasi yemwe uja wasanduka masentimita 11, matekiselo 12 a kasikedi yoyamba. Ku kasikedi yomaliza wangochoka pa 14 kufika pa 24, n'chifukwa chake kutali sikunaoneke kusintha koma pafupi pokha, pomwe diso lili.

Ndiye ndasiya kulemba bayasi ngati nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Kasikedi iliyonse tsopano imatumiza ku sheda zinthu ziwiri, m'lifupi mwa bokosi lake m'mamita ndi kutalika kwake, ndipo ine ndimangonena kuti ndikufuna matekiselo angati.

```glsl
float texel = cascadeWidth[i] / 2048.0;
float bias  = biasTexels * texel / cascadeDepth[i];
```

Pano ndikhoza kukoka bokosi momwe ndingafunire, kusintha malire a makasikedi, ngakhale kutsitsa mapu kufika 1024 pa makompyuta ofooka bola 2048 uyo ndimusandutse nambala yotumizidwa, bayasi azitsatira yekha. Tekiselo yoyamba ndi yomaliza zikusiyana pafupifupi ka 16, ndiye bayasi mmodzi wa mamita sakanakwanira onse, ndipo mmodzi wa 0 mpaka 1 amadalira zinthu zosakhudzana ndi ziphuphu n'komwe.

Pambuyo pake mamita 200 aja ndawachotsanso n'kuyatsa `glEnable(GL_DEPTH_CLAMP)` pojambula mapu. Chinthu chimene chili kuseri kwa malire apafupi sichidulidwanso, chimangophwatalala pa mtunda 0 n'kumaponyabe mthunzi wake. Kungoti mbali ya CPU imene imasankha zinthu zoti zijambulidwe iyenera kudziwa zimenezi, isataye nsanja ija isanafike n'komwe ku GPU. Ndinaiwala, ndinatayanso theka la ola.

Chomaliza lero ndi kunjenjemera kwa m'mphepete mwa mithunzi kamera ikamayenda. Si ziphuphu koma ukamayesa bayasi zimasokoneza kwambiri, sudziwa chimene chikuphethira ndi chiti. Bokosi la dzuwa limatsatira kamera, likasuntha theka la tekiselo m'mphepete mwa mthunzi mumagwera m'matekiselo ena fulemu iliyonse. Mpira uja ntchito yake ndi imeneyi, kamera itembenuke bwanji kukula kwake sikusintha ndiye tekiselo nayonso siisintha. Chotsala ndi kukakamiza bokosi kuti lizisuntha ndi matekiselo athunthu okhaokha:

```cpp
glm::vec4 o = proj * view * glm::vec4(0, 0, 0, 1);
glm::vec2 p = glm::vec2(o) * 1024.0f;
glm::vec2 d = (glm::round(p) - p) / 1024.0f;
proj[3][0] += d.x;
proj[3][1] += d.y;
```

Mithunzi yangoti zii. Dzuwa likamayenda imanjenjemerabe pang'ono, pamenepo kachenjerero aka sikathandiza.

Lachisanu

Ndayatsa PCF, fyuluta yofunsa matekiselo angapo oyandikana n'kusakaniza mayankho, kuti m'mphepete mufewe, `sampler2DArrayShadow` ndi `GL_LINEAR`, kufunsa malo 3 x 3. Ziphuphu zabwerera, koma ulendo uno si mizere yakuda yoonekeratu, ndi kamdima kotuwa kokhala ndi timafunde pa nthaka yonse, moti popanda F4 ukhoza kungoti magetsi a gemu ndi ofooka. Chifukwa chake n'chomwe chija. Kale pikiselo imafunsa tekiselo yakeyake, kutali kwake theka la tekiselo. Pano funso lililonse mwa 9 aja GPU imalisakaniza ndi matekiselo anayi, ndiye ikufika mpaka matekiselo awiri kumbali, ndipo pa chitsetse matekiselo a mbali ya kudzuwa ali pafupi ndi dzuwa kuposa iyo. Ukakulitsa fyuluta bayasi naye ayenera kukula.

Ndayesa kaye bayasi wotsatira kupendekeka, `2 * texel * tan(theta)`. Amachotsa ziphuphu ndithu. Koma tan alibe malire, akamayandikira madigiri 90 amathawira kumwamba, umayenera kumudula penapake ndipo pomwe wamudulapo ziphuphu zimatulukira. Komanso madzulo pa madigiri 10, mu kasikedi yoyamba yomwe, 2 x 0.88 x 5.67 ndi masentimita 10, mapazi ayambanso kunyamuka. `glPolygonOffset` imachita zofanana ndi zomwezi kungoti imachitira pojambula mapu, mpata wake ndi womwewo.

Chimene chandipulumutsa ndi kukankha motsatira nomo. M'malo monamiza mtunda, umatenga malo a pikiselo m'dziko n'kuwanyamula pang'ono kuchoka pa nkhope ya chinthu, kenako ndi pamene umakafunsa mapu. Apa `N` ndi nomo, `L` ndi kamuvi koloza ku dzuwa.

```glsl
float c = clamp(dot(N, L), 0.0, 1.0);
float s = sqrt(1.0 - c * c);
vec3  p = worldPos + N * (normalTexels * texel * s);
```

Ndinafuna kumvetsa chifukwa chake pali sin osati tan, ndiye pepala linanso. Ukanyamula kadontho ndi `d` kuchoka pa nthaka, ukayeza motsatira cheza cha dzuwa kakwera `d / cos(theta)`. Chofunika kugonjetsa ndi `r * texel * tan(theta)`, pamene `r` ndi matekiselo amene fyuluta ikufika. Ukachulukitsa mbali zonse ndi cos umatsala ndi `d = r * texel * sin(theta)`. Sin sapitirira 1, ndiye ngakhale dzuwa ligone pansi bwanji sindidzanyamula kupitirira matekiselo `r`. Ndipo masamuwa andiuza nambala yoyambira, sindinachite kulota: fyuluta yanga ikufika 2. Ndinayesa 1.5 mwa makani, pa madigiri 10 timafunde tinatsalako, pa 2.0 tinatha.

Tsono chimene chandisangalatsa kwambiri sabata yonseyi n'chakuti cholakwikacho sichinathe ayi, changosamuka. Taganizani polo waima pa nthaka. Bayasi wa mtunda amanyalanyaza chilichonse chapafupi, ndiye tsinde la polo limasowa ndipo mthunzi umaduka kumapazi. Koma kadontho konyamulidwa kamene kali pafupi ndi tsinde kakayang'ana ku dzuwa kamaonabe polo, kungoti kakumuona chapamwamba pang'ono, ndiye kali mu mthunzi bwinobwino. Kamene kamaphonya ndi kadontho ka kunsonga ya mthunzi, kamayang'ana kupitirira pamutu pa polo. Mthunzi umafupika kunsonga ndi `d / tan` wa kukwera kwa dzuwa. Pa madigiri 10 `d` ndi masentimita 1.7, kufupikako ndi pafupifupi masentimita 10, omwe aja ndinali nawo ndi bayasi wa tan. Koma mthunzi wa munthu pa dzuwa limenelo ndi wautali mamita 10, ndani angaone kuti mutu wafupika ndi masentimita 10? Pamene mpata wa masentimita 10 pansi pa nsapato aliyense amauona nthawi yomweyo.

Msampha umodzi, `N` ameneyu akhale nomo wa mavetekisi osati wochokera mu tekisicha ya mabampu. Ndinayamba ndi wa tekisicha poti ndi amene anali pafupi mu khodi, m'mphepete mwa mthunzi pa khoma la njerwa munakhala ngati mwadyedwa ndi chiswe, pikiselo iliyonse ikukankhidwira kwake.

Bayasi wa mtunda sindinamuchotseretu. Dzuwa likalunjika nkhope sin amakhala 0, kukankha kulibe, ndipo pa zinthu zobulungira timadontho timaonekabe. Ndamusiya pa tekiselo imodzi, mamilimita 9 mu kasikedi yoyamba, mpata umene amabweretsa sukuoneka.

Loweruka

Sindimafuna kugwira lero koma msoko wa pakati pa makasikedi umandisowetsa tulo. Mthunzi wa mpanda wautali ukamadutsa pa mamita 18.2 umathyoka, mbali ino wakuthwa mbali iyo wofewa ndiponso wasuntha pang'ono, chifukwa tekiselo yalumpha kuchoka pa 2.1 kufika 4.9 ndipo kukankha kwa nomo kwalumpha nayo limodzi. Ukamayenda msokowo umayenda nawe patsogolo pako ngati mzere wojambulidwa pansi. Ndasakaniza, pa gawo limodzi mwa magawo 10 lomaliza la kasikedi iliyonse sheda imafunsa mapu awiri n'kuchoka pa ena kupita pa ena pang'onopang'ono. Apanso ndinalakwitsa koyamba, ndinawerengera `p` kamodzi ndi tekiselo ya kasikedi yapafupi n'kumugwiritsa ntchito pa mapu onse awiri, ndiye lamba wa ziphuphu anatuluka pamalo osakanizawo ndendende. Kasikedi iliyonse iwerengere `p` wake ndi `bias` wake. Kumapeto kwa yachinayi mthunzi umangozilala mpaka kutha m'malo moduka mwadzidzidzi pa 120.

Manambala amene ndatsekera lero: makasikedi 4 a 2048, `lambda = 0.8`, `normalTexels = 2.0`, `biasTexels = 1.0`, PCF ya 3 x 3. Ndayendetsa dzuwa kuchoka pa 90 kufika pa 8 ndili pa F4, nthaka ndi yoyera, mapazi ali pansi. Kutsika pa madigiri 8 timafunde timayambanso kuoneka pa nthaka yosalala, koma pamenepo kuwala kwa dzuwa kochulukitsidwa ndi `dot(N, L)` kwachepa kale kwambiri moti mu gemu yeniyeni sindikutiona.

Zimene sizinathe. Mu kasikedi yachinayi kukankha kumafika masentimita 27 madzulo, ndiye chilichonse chachifupi kuposa pamenepo, masitepe, miyala ya m'mphepete mwa msewu, chimataya mthunzi chikapitirira mamita 42, ndipo ukamayandikira umaona mthunziwo ukumera. Ndikuganiza zokweza malire achitatu kufika cha m'ma 55 ndione ngati kasikedi yachitatu ipirire, tekiselo yake ikhala masentimita 6.3. China ndi chitseko cha kanyumba kosungiramo katundu, n'chopyapyala masentimita 5 pamene tekiselo kutali ndi 13.8, kuwala kukulowa mkati m'munsi mwake ndi m'makona. Apa bayasi sangathandize, ndikamutsitsa kuti chitseko chitseke ziphuphu zibwerera bwalo lonse. Ndamulembera mnzanga wa mamodelo kuti achimwene, makoma ndi zitseko za nyumba zolowamo muzipangire kabokosi kena kokhuthala masentimita 30 kosaoneka pa kamera, kongojambulidwa m'mapu a mthunzi basi. Wati aona Lolemba. Masamba a mitengo sindinawayambe n'komwe, ali ndi nkhope ziwiri ndipo nomo wake amaloza mbali imodzi, ndiye theka la masambawo ndikuwakankhira mkati mwa mthunzi wawo womwe, ndiyenera kutembenuza `N` ndi `gl_FrontFacing` ndisanakankhe.